Kalata yopempha fizi: chotsani misozi, ikani zoona

Aliyense amene ali pa gulu la WhatsApp la mpingo kapena la m'dera kuno ku Nkolokosa anaulandirapo uthenga wotere: "Anthu akufuna kwabwino, ndine mwana wamasiye wochokera m'banja losauka. Tsogolo langa lili m'manja mwanu. Ndagwada, kangachepe kalikonse ndilandira." Nthawi zambiri wolembayo sakunama. Vuto ndi lakuti mawu omwewa tawaona kambirimbiri, ndipo akathyali amawagwiritsanso ntchito. Wowerenga amamva chisoni, koma sadziwa kuti mwanayo ndani, akusowa zingati, ndipo ndalamayo ikathera kuti. Amangoyankha kuti "Mulungu alowererepo" n'kupitirira.

Tiyerekeze mtsikana wa chaka chachitatu pa MUBAS ku Chichiri, sukulu imene mpaka 2021 tinkaitchula kuti Polytechnic. Amakhala ndi azakhali ake ku Nkolokosa, ndipo kalata yake yoyamba ili ngati ya pamwambayi. Ndalama zimene nditchule ndi zachitsanzo chabe. Inu mutenge zenizeni pa pepala lochokera ku ofesi ya zachuma ya sukulu yanu.

Choyamba, tengani cholembera muyese chiganizo chilichonse ndi funso limodzi: kodi wophunzira wina wa ku Ndirande kapena ku Bangwe angakopere chiganizochi osasinthapo kanthu? Ngati angathe, chifufuteni. "Maphunziro ndi chuma" chichoke. "Ndikufuna kudzatumikira dziko langa" chichokenso. Mukamaliza, mwina mutsala ndi mizere iwiri yokha. Musadandaule, kalata yeniyeni iyambira pamenepo.

Chachiwiri, ndipo apa mpamene pagona nkhani, werengerani ndalama poyera. Tinene kuti fizi ya semesita ndi K325,000. Azakhali abwereka K120,000 ku banki mkhonde. Mtsikanayo wapeza K85,000 pophunzitsa masamu ana a Fomu 2 madzulo. Zonse pamodzi ndi K205,000, ndipo zalipidwa kale. Yatsala K120,000. Nambala imeneyi ndi imene iyenera kuoneka m'mizere yoyambirira, pamodzi ndi tsiku lomaliza kulipira komanso chimene chichitike tsikulo likadutsa, monga kusaloledwa kulemba mayeso.

Ambiri amaopa kutchula zimene alipira kale poganiza kuti anthu anena kuti "ali nazo ameneyu". Ine ndimaona mosiyana. Munthu amafulumira kuthandiza kusenzetsa mtolo umene mwini wake waunyamula kale kufika m'mawondo. Ndipo K120,000 ndi ndalama yoti munthu angaigawe m'mutu: anthu 24 atapereka K5,000 aliyense yakwana. Pamene "kangachepe kalikonse" alibe malire, wopereka amaona ngati K5,000 yake ikungomira.

Nenaninso makomo amene mwagogoda kale. Wowerenga wodziwa zinthu adzafunsa ngati munapempha ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe la boma lobwereketsa ndalama ophunzira a m'sukulu za ukachenjede. Muyankheni asanafunse, m'chiganizo chimodzi, mopanda kudandaulira aliyense: ndinapempha koma sindinasankhidwe, kapena ndinalandira koma yatsala mbali yakuti.

Chachitatu ndi umasiye ndi umphawi. Sindikunena kuti mubise. Ngati makolo anamwalira, nenani kamodzi, monga chifukwa chimene azakhali ndiwo akulipira, basi. Chimene chimagwira mtima si mawu akuti "ndikuvutika kwambiri" koma kanthu kamodzi kooneka ndi maso: azakhali amadzuka 4 koloko m'mawa kukazinga mandasi, ndipo mtsikanayo amayenda wapansi kudutsa ku Chitawira kuti ya minibasi ipite ku fizi. Kamodzi kokha kakwana. Mukaunjika zinayi kapena zisanu, mwabwerera ku kulira komwe tikuthawa kuja.

Pali zina zosayenera kulowa m'kalata ngakhale zili zoona: matenda amene anatenga makolo, mikangano ya pachibale, chithunzi cha munthu akulira kapena cha m'nyumba mogona. Uthenga ukachoka pa foni yanu simungaubwezenso, ndipo anzake a m'kalasi adzauona. Ngati mukulembera mwana wa wina, muwerengereni iyeyo ndi womusunga musanatumize. Akagwetsa nkhope pa chiganizo china, chichotseni.

Chachinayi, patsani anthu njira yotsimikizira. Njira yabwino koposa ndi yakuti wothandiza alipire ku akaunti ya sukulu ku banki, polemba nambala ya wophunzirayo. Kwa amene akutumiza zochepa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, gwiritsani nambala imodzi, ndipo nenani dzina limene lioneke potumiza, chifukwa dzina lachilendo likatulukira munthu amaleka pomwepo. Ngati mkulu wa mpingo, wapampando wa mphakati kapena mayi wa Mvano wavomera kukuchitirani umboni, mutchuleni, koma mutamupempha kaye.

Nayi kalata ija italembedwanso:

"Amayi ndi abambo, ndine mtsikana wokhala ndi azakhali anga, mayi aja ogulitsa mandasi pa siteji, ndipo ndili chaka chachitatu pa MUBAS. Pa fizi ya semesita ino ya K325,000 talipira K205,000: azakhali anabwereka ku banki mkhonde, ine ndinaonjezera za kuphunzitsa ana masamu. Yatsala K120,000, yofunika pofika pa 30 mwezi uno kuti ndilembe mayeso. Chimwalirireni amayi, azakhali ndiwo amandilipirira. Ngongole ya boma ndinapempha koma sindinasankhidwe. Wofuna kuthandiza atha kulipira ku akaunti ya sukulu, ndimutumizira nambala ndi pepala loonetsa zotsala. Lamlungu lililonse ndizinena pano zimene zalowa, ndipo ikakwana ndionetsa lisiti. Zikomo pondiwerenga."

Onani kuti ulemu sunachoke. Akulu awatchula monga akulu, wathokoza, koma sanagwade m'fumbi kapena kuopseza kuti akapanda kuthandizidwa alowerera. Ngati ndinu wopemphera, mawu a dalitso ikani, koma akhale amene mumanenadi pakamwa panu. Pofuna kudziwa ngati kalata ikumveka ngati inu, iwerengeni mokweza pamaso pa munthu wokudziwani. Pamene lilime lakodwa, kapena pamene iye wanena kuti "iwe sulankhula chonchi", lembaninso monga mmene mukanamuuzira mutakhala naye pakhonde. Ngati gululo limacheza m'Chichewa, lembani m'Chichewa. Chingerezi cha m'makalata ofunsira ntchito chisiyireni mabungwe.

Lonjezo lopereka lipoti lija lisungeni. Mu 2021, pamene mlembi Stanley Onjezani Kenani ndi anzake ankasonkhetsa ndalama zogulira zipangizo za m'zipatala pa nthawi ya Covid-19, ankalengeza poyera zolowa ndi zogulidwa, ndipo anthu anapitiriza kupereka. Pa K120,000 njira yake ndi yomweyo: "Zalowa K70,000, yatsala K50,000." Mayina a opereka musawatchule pokhapokha atalola. Ndalama ikakwana, nenani tsiku lomwelo kuti anthu asiye kutumiza ndi kugawa uthengawo. Ikapitirira, funsani operekawo ngati yotsalayo ipite ku semesita yamawa kapena ibwezedwe.

Kalata yabwino ili ndi malire ake. Pa gulu la anthu amene nawonso akusaka fizi ya ana awo, mwina ipeza theka lokha. Choncho musadikire sabata yomaliza. Tumizaninso kwa anthu angapo payekhapayekha, aliyense ndi moni wake ndi chiganizo chokhudza mmene mumadziwirana, ndipo pitani ku ofesi yoona za ophunzira ndi lisiti la zimene mwalipira kukafunsa ngati yotsalayo mungailipire pang'onopang'ono.