Odwala atsopano ndi odwala onse

Funso: Aphunzitsi, ndikuphunzira zaumoyo, koma masilaidi anu a insidensi, prevalensi ndi `RR` andisokoneza mutu. Kusiyana kwake n'kotani?

Yankho: Tiyeni tigwiritse ntchito manambala ongopeka. Mudzi uli ndi anthu 1,000. Pa 1 Januwale, 50 ali ndi matenda a shuga. Prevalensi ndi chiwerengero cha odwala onse pa tsikulo, akale ndi atsopano: 50 mwa 1,000, kapena 5 peresenti.

Chaka chisanathe, ena 19 apezeka nawo. Insidensi imawerenga atsopanowa okha, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Musagawe ndi 1,000, chifukwa 50 aja anali kale odwala. Gawani 19 ndi 950, mupeza 2 peresenti pachaka. Dziwaninso kuti prevalensi imatha kukwera mankhwala akamathandiza, poti odwala akukhala ndi moyo nthawi yaitali.

`RR` imayerekeza magulu awiri. Mwa onenepa kwambiri 200, adwala 10, kutanthauza 5 peresenti. Mwa otsala 750, adwala 9, kutanthauza 1.2 peresenti. Mukagawa 5 ndi 1.2 mupeza pafupifupi 4.2, ndiye kuti chiopsezo cha onenepa n'chachikulu kuposa kanayi. `RR` ikanakhala 1, magulu awiriwa akanafanana. Komabe nambalayi payokha sikutsimikiza kuti kunenepa ndiko kwayambitsa matendawa. Mwina onenepawo ndi achikulirenso.