Phunziro 14: Chiganizo choyamba cha kalata yopempha ntchito

Anzathu, tiyeni tiwerenge pamodzi chiganizo ichi:

"Ndikulemba kalata iyi pofuna kupempha ntchito imene yapezeka pa malo anu."

Tonse tikuchidziwa. Ambiri a ife tinachikopera kwa m'bale wathu, nayenso anachikopera kwa wina. M'makalata a Chipwitikizi chilinso ndi mnzake, mawu aja onena kuti munthu wabwera kudzera m'njira iyi kudzapempha malo. Chiganizochi ndi chaulemu ndipo chilibe bodza. Koma tidzifunse: kodi chamuuza chiyani wowerenga? Kuti tikulemba kalata, iye akuona kale, pakuti kalatayo ili m'manja mwake. Kuti ntchito ilipo, akudziwa kuposa ife, pakuti ndiye anakhoma chidziwitso. Za ife sanamve kanthu.

Tiganizire munthu amene wakhala pa tebulo ndi mulu wa makalata, pamene malo a ntchito ndi amodzi okha. Kalata yoyamba, yachiwiri, yakhumi, zonse zikuyamba ndi mawu amodzimodzi. Maso ake amazolowera kulumpha mzere woyamba. Choncho mzere umene ukanatigwirira ntchito yaikulu umapita pachabe.

Wina afunsa kuti, "Nanga dzina la ntchito tilitchula pati?" Lili ndi malo ake. Pansi pa moni timalemba mutu wa kalata, mwachitsanzo, "Mutu: Ntchito ya wosunga nkhokwe". Mutuwo ukanena chimene tikupempha, chiganizo choyamba chimatsala ndi udindo wina, woyankha funso la wowerenga: chifukwa chiyani munthu uyu, osati wina?

Titenge chitsanzo. Gulu la alimi pafupi ndi Ulongwe, m'boma la Angonia, lakhoma chidziwitso. Likufuna munthu wosunga nkhokwe, wodziwa kuyeza mbewu pa sikelo ndi kulemba m'buku matumba olowa ndi otuluka. Mayi wina wa m'kalasi ngati yathu ino akufuna ntchitoyo. Asanagwire cholembera awerenge chidziwitsocho kawiri, ndipo adule mzere pansi pa mawu onena zochita. Apa ndi awiri: kuyeza ndi kulemba. Kenaka adzifunse kuti pa moyo wake anayeza chiyani, analemba chiyani, kuti, ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji. Akumbukira kuti kwa zaka 4 ndiye wakhala akuyeza chimanga ndi nyemba za gulu la amayi a m'mudzi mwawo pa nthawi yogulitsa. Chaka chatha analemba m'kope matumba 320 a makilogalamu 50, ndipo powerengera ndi wogula panalibe thumba losowa.

Poyamba alemba motere:

"Ndine mayi wakhama, wokhulupirika ndi wokonda ntchito, ndipo ndikufuna kugwira ntchito m'nkhokwe yanu."

Chiganizo chakale chija chachoka, koma vuto likadalipo. Palibe amene amalemba kuti ndi waulesi kapena wakuba. Khama ndi kukhulupirika aliyense angadzinenere, ndipo wowerenga alibe pogwira kuti atsimikize. Ayesenso:

"Kwa zaka 4 ndakhala ndikuyeza ndi kulemba chimanga ndi nyemba za gulu la amayi a m'mudzi mwathu, ndipo chaka chatha matumba onse 320 amene ndinalemba anakwanira popanda losowa."

Tiwerenge mokweza. Mawu akuti "wokhulupirika" mulibe, koma wapampando wa gulu aona yekha kuti mayiyu ndi wokhulupirika, chifukwa matumba anakwanira. Mawu awiri a m'chidziwitso aja, kuyeza ndi kulemba, abwerera kwa mwini wake. Muli ntchito imene inachitika, muli nthawi, muli nambala imene munthu angapite kukafunsa. Pempho lenileni libwera m'chiganizo chachiwiri, ndipo likhala lalifupi: "Ntchito yomweyi ndikupempha kuti ndiigwire m'nkhokwe ya gulu lanu."

Ena a ife tiona ngati kuyamba motere ndi kudzikweza, pakuti tinaleredwa kuti pamaso pa akulu munthu sayamba ndi kudzitchula. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Koma ulemu sunachoke m'kalata. Uli m'moni, pamene talemba kuti "Olemekezeka a Wapampando", uli m'mawu akuti "ndikupempha", uliponso potsiriza. Kunena chimene tinachita, monga chinachitikira, sikunyoza munthu. Kudzikweza kuli m'chiganizo china chija, chimene tinadzipatsa mayina abwino atatu popanda umboni.

Nambala ikhale yoona. Ngati matumba anali 320, tisalembe 500 kuti zimveke bwino. Chiganizo choyamba ndicho chimene adzatifunsa poyamba akatiitana, ndipo kumudzi kuno anthu amadziwana. Ngati sitikukumbukira nambala yeniyeni, titchule nthawi yokha, monga nyengo 4 zokolola.

Tisayambenso ndi mavuto athu. Makalata ambiri amayamba ndi ana amasiye, njala ya pakhomo ndi kusowa kwa ndalama. Zimenezi ndi zoona ndipo ndi zopweteka, koma gulu la alimi likufuna munthu woti matumba asasowe, ndipo umphawi suwauza ngati tidziwa sikelo.

Nanga amene sanalembedwepo ntchito ya malipiro? Mayi wa m'chitsanzo chathu nayenso sanalembedwepo. Ntchito ya m'gulu, ya m'munda, ya pa msika, kusunga ndalama za banki ya m'mudzi, zonsezi zimawerengedwa ngati zikufanana ndi zimene chidziwitso chikufuna. Mnyamata amene akupempha ntchito pa dimba la mbatata ya kachewere ku Tsangano angayambe ndi nyengo zimene wabzala, kuthirira ndi kusankha mbewu m'dimba la makolo ake.

Tikamaliza kulemba, tiyese chiganizo chathu motere. Tiphimbe dzina lathu ndi chala, tifunse ngati mnzathu wokhala pafupi angasaine pansi pake osasintha liwu. Ngati angathe, chiganizocho si chathu, tilembenso. Tichiwerengenso mokweza. Mpweya ukatithera pakati, ndiye kuti tapanikizamo zambiri. Tisiye chinthu chimodzi chachikulu, zotsalazo zitsike m'ndime yachiwiri.

Makalata ambiri a ntchito m'Mozambique amalembedwa m'Chipwitikizi. Ndi bwino kumanga chiganizo chathu poyamba m'Chinyanja, m'mene maganizo athu amayenda momasuka, kenaka n'kuchitembenuza. Ngati wina akutithandiza kutembenuza, tikhale naye pafupi ndipo atiwerengere. Dzanja lozolowera limathamangira ku mawu akale aja, ndipo matumba 320 angagwere panjira.

Pali malo amodzi pamene phunziroli siligwira ntchito. Polowa mpikisano wa ntchito za boma timalemba rekerimento, pempho limene lili ndi kalembedwe kake kokhazikika: dzina lathu, mayina a makolo, kumene tinabadwira, nambala ya chitupa, kenaka pempho lenileni. Pamenepo titsate chitsanzo chimene ofesi yapereka, tisasinthe. Zimene taphunzira lero ndi za kalata imene timalemba ndi mawu athuathu, yopita ku gulu, ku kampani, ku sitolo kapena ku bungwe.

Ntchito yochita: Mphunzitsi alembe pa bolodi chidziwitso cha ntchito ya mlonda wa chigayo. Tikhale awiriawiri. Aliyense adule mzere pansi pa mawu onena zochita, alembe mutu wa kalata ndi chiganizo choyamba chokha, kenaka apereke kope kwa mnzake kuti aone ngati angasaine pansi pake.