Wina wakutumizirani chithunzi cha kasida kuti mumasulire: muyambira pati?



Mwezi wa Rabiul Awwal ukamayandikira, zithunzi za mapepala a kasida zimachuluka m'magulupu athu, ndipo amene anapitako kumadrasa ndi amene amapemphedwa kuti amasulire.

Choyamba, werengani bwino musanamasulire. Mzere uliwonse wa ndakatulo ya Chiarabu umakhala ndi zigawo ziwiri, pakati pali mpata. Mumawerenga chakumanja, kenako chakumanzere, ndiye n'kutsikira mzere wina. Mukatsika ndi mbali imodzi yokha, muziona ziganizo zikuthera m'malere. Samalaninso madontho. Pachithunzi chosaoneka bwino, kadontho kamodzi kamasandutsa rahma, chifundo, kukhala zahma, kuthithikana kwa anthu. Mukakayika, pemphani ajambulenso powala, osangoganizira.

Kenako lembani kawiri. Koyamba, ikani tanthauzo pansi pa liwu lililonse, ngati mmene timachitira kumadrasa. Pepala limeneli ndi lanu, likuthandizani kuona kuti simunadumphe kanthu. Lachiwiri ndiye la owerenga. Pamenepa dzifunseni: kodi munthu wosadziwa Chiarabu amvapo zomwe Mwarabu amamva?

Tiyeni titenge mawu oti qurratu aini, omwe amapezeka kawirikawiri m'makasida. Liwu ndi liwu, ndi “kuzizira kwa diso langa”. M'Chichewa wina angaganize kuti ndi matenda a maso! Akatswiri a Chiarabu amafotokoza kuti Aarabu ankati misozi ya chimwemwe ndi yozizira, ya chisoni ndi yotentha. Ndiye wolembayo akunena za munthu amene ukamuona umasangalala. Ifeyo zoterezi timazimvera mumtima, osati m'diso. Lembani “wapamtima wanga” kapena “wondiziziritsa mtima”. Diso latayika, koma uthenga wafika.

Koma ufulu umenewu uli ndi malire. Tengani liwu loti abdu, kapolo. Ena amaliona ngati lolemera, ndiye amalifewetsa n'kulemba “mtumiki”. Vuto lake n'lakuti kwa ife Asilamu, Mtumiki ndi Rasul. Ngati wolemba kasida akudzitchula yekha kuti abdu wa Allah, inu n'kulemba “mtumiki wa Allah”, mwamuika paudindo wa Muhammad, swalla Allahu alaihi wasallam, pomwe iye amadzichepetsa. Apa musachoke pa liwu: kapolo ndi kapolo basi.

Ndiye muyeso wake nawu. Fanizo ndi chining'a, masulirani tanthauzo. Mayina a Allah, maudindo a Atumiki ndi mawu a chikhulupiriro, gwiritsani liwu lomwe Asilamu tinalizolowera, ngakhale nyimbo isakome kayimbidwe. Mukapeza ayah mkati mwa kasida, onani mmene inamasuliridwira mu Qur'an ya Chichewa, ndipo muwaonetse a Shehe musanatumize.

Zomwe mwatumiza pagulupu ena akaziimba paziyala, ana n'kuziloweza. Pofika pamenepo kukonza kumavuta.

Allah ndiye Wodziwa kwambiri.