Kuwola kwa Ziboda: Mpeni Uli ndi Malire Ake

Mwezi wa Febuluwale chaka chatha, mmodzi mwa ophunzira athu akale anandiitana kumudzi kwawo kufupi ndi Katete. Mwa mbuzi zake 14, zisanu zinali kutsimphina, ndipo thadzi lina linali kudya msipu chogwada. Mlimiyo anali atayesa kale kulithandiza. Ataona chiboda chowola, anachidula ndi mpeni kufikira magazi anatuluka, poganiza kuti akuchotsa nthenda yonse. Cholinga chinali chabwino, koma anasokoneza mavuto awiri osiyana. Chiboda chokula mopitirira chimafuna mpeni. Chiboda chowola chimafuna mankhwala ndi malo ouma.

Yambani ndi kuyang'ana ndi kununkhiza

Tinagwira mbuzi zonse, osati zotsimphina zokha, ndi kutsuka phazi lililonse ndi madzi. Mwa zisanu zija, imodzi inali ndi munga pakati pa ziboda, ndipo titauzula vuto linatha. Pamalo omwewo pamakonda kubisala nkhupakupa, choncho musapadumphe. Yachiwiri inali ndi ziboda zazitali zopindikira pansi, zosunga matope, koma zopanda chilonda kapena fungo. Zitatu zotsalazo zinali ndi khungu lofiira ndi lonyowa pakati pa ziboda, chiboda chitayamba kulekana ndi mnofu kuchokera kuchidendene, ndipo m'kati munali zonyansa zotuwa za fungo loipa. Fungo limeneli ndilo chizindikiro chodalirika cha kuwola kwa ziboda, ndipo amene analimva kamodzi saliiwala.

Pali chinthu chimodzi chosafunika kuchita nokha. Ngati ziweto zambiri zayamba kutsimphina mwadzidzidzi, zili ndi matuza kapena zilonda m'kamwa, makamaka ngati ng'ombe nazonso zikuchucha dovu, ikhoza kukhala nthenda ya zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Musasunthe chiweto chilichonse, ndipo dziwitsani a zaziweto a boma tsiku lomwelo.

Chifukwa chake nthendayi imabuka m'dzinja

Kuwola kwa ziboda kumadza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso ta mitundu iwiri. Mtundu woyamba umapezeka m'ndowe ndi m'matope nthawi zonse, ndipo umalowa khungu likafewa ndi chinyontho. Mtundu wachiwiri ndiwo umadya chiboda. Umenewu umakhala m'mapazi a mbuzi kapena nkhosa yodwala, ndipo panthaka sukhala moyo kupitirira masabata awiri. Tizilombo tonse tiwiriti timakula bwino pamene mpweya sufika. Ndiye chifukwa chake chiboda chopindika, chotsekera matope m'kati, chimatipatsa malo abwino. Khola la mlimi wathu linali lapansi, denga likudontha, ndipo mbuzi zinali kugona m'ndowe zonyowa usiku uliwonse.

Kuwenga chiboda chokula

Mbuzi muimike pafupi ndi khoma, wina aigwire, inu mupinde mwendo wake pabondo. Nkhosa muikhazike pamatako, msana wake utatsamira miyendo yanu. Chotsani matope ndi kamtengo. Ndi sizasi yowengera ziboda kapena mpeni wakuthwa, dulani mbali yolimba yakunja imene yapindikira pansi kufikira ilingane ndi chapansi pa phazi, kenaka fupikitsani nsonga yakutsogolo. Sengani pang'onopang'ono, mpeni ukuloza kutali ndi thupi lanu. Mukaona kuti pamene mukudula payamba kufiirira, lekani, pakuti magazi ali pafupi. Chiboda chowengedwa bwino chimaponda pansi mosalala, ndipo m'munsi mwake mumayenda mofanana ndi mzere wa pamene ubweya umathera. Ntchitoyi imapepuka mame kapena mvula itafewetsa ziboda.

Yambani ndi ziweto zabwino, zodwala zikhale zomalizira. Tsukani mpeni m'mankhwala ophera tizilombo musanagwire chiweto china, ndipo tenthani zidutswa za ziboda zowola. Pa chiboda chowola chotsani kokha kachidutswa kamene kalekana kale ndipo kakulendewera. Mukadula mnofu wamoyo, chilonda chimachedwa kupola, ndipo nthawi zina pamamera kanyama kofiira kotuluka magazi kamene sikapola msanga.

Kuviika mapazi m'mankhwala

Mankhwala oyenera ndi zinki salufeti. Muyeso wake ndi kilogalamu imodzi pa malita 10 a madzi. Ife tinasungunula makilogalamu 2 m'malita 20, ndi kuthira m'mabeseni awiri apulasitiki, madzi akufika masentimita 6 kuti amize chiboda chonse kufikira paubweya. Tinawonjezera sopo wamadzi wotsukira mbale pang'ono kuti mankhwala alowerere. Mapazi ayenera kutsukidwa poyamba, chifukwa matope ndi ndowe zimafooketsa mankhwala. Kungodutsitsa chiweto m'madzimo sikuchiza nthenda. Yodwala iime m'menemo mphindi 15 kufikira 30, kenaka iime pa simenti kapena pa matabwa ouma kwa ola limodzi. Mukaibwezera m'matope nthawi yomweyo, mwataya ndalama zanu. Bwerezani kamodzi pa sabata kwa masabata atatu, ndipo viikani gulu lonse, kuyambira ndi zosadwala.

Kumene zinki salufeti sapezeka, ena amagwiritsa ntchito kopa salufeti. Amagwira ntchito, koma amadya chitsulo, ndipo nkhosa ikamwa madzi ake ikhoza kufa. Fomalini amawawa kwambiri pachilonda ndipo amaumitsa chiboda, choncho sitimulimbikitsa pa mapazi owola. Madzi otsala, a mtundu uliwonse, atayidwe m'dzenje kutali ndi chitsime kapena mtsinje.

Pamene kuviika sikukwanira

Nthenda ikalowa pansi pa chiboda, mankhwala oviikamo safika konse. Pamenepo pafunika jekeseni ya okisitetirasaikilini wokhalitsa m'thupi. Ngati botolo lalembedwa 20%, muyeso ndi mililita imodzi pa makilogalamu 10 a kulemera kwa chiweto, yobaya mumnofu. Thadzi logwada lija linali la makilogalamu 30, choncho linalandira mamililita 3. Zinazo zinabayidwa molingana ndi kulemera kwake. Funsani mlangizi wa ziweto musanabaye, ndipo werengani pabotolo masiku oyenera kudikira musanadye nyama kapena kumwa mkaka.

Zitatu zodwalazo tinazipatula m'kakhola kouma. Zotsalazo zitaviikidwa, mlimiyo anazidyetsa kumtunda kumene mbuzi ndi nkhosa sizinapondeko kwa masabata awiri, osati kudambo. Anafoleranso denga, nayamba kumanga khola lam'mwamba la mitengo yotalikirana pang'ono kuti ndowe zizigwera pansi.

Patatha masabata atatu, ziwiri zinali kuyenda bwino ndipo fungo linatha. Thadzi lodulidwa mozama lija linamera kanyama kofiira, ndipo ngakhale linabayidwa kachiwiri silinachire. Ndinamulangiza kuti masiku a mankhwala akatha alichotse m'gulu, ligwiritsidwe ntchito ngati nyama, osati kuligulitsa kwa mlimi mnzake kuti akawete. Chiweto chosachira chimasunga tizilombo m'chiboda chilimwe chonse, ndipo mvula ikabwera chimapatsiranso zinzake.

Titafufuza, tinapeza kuti vutoli linayamba patangopita masabata ochepa mlimiyo atagula tonde pamsika ndi kumulowetsa m'khola tsiku lomwelo. Tondeyo anali mmodzi mwa zitatu zija. Mbuzi kapena nkhosa yatsopano muitembenuze mapazi musanapereke ndalama, muiviike ikafika, ndipo ikhale payokha kwa mwezi umodzi. Za gulu lanu lomwe, yang'anani ziboda mu Okutobala mvula isanayambe, ndiponso mwezi uliwonse kufikira nthaka itauma.