Mapuloteni angati patsiku? Tiyeni tiwerengetse ndi wakabaza wa ku Mtandire

M'kalasi mumaphunzira kuti mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya muli zakudya zomanga thupi, monga nyemba, nsomba, mazira ndi nyama. Chomwe chimamanga thupi m'zakudyazi ndi mapuloteni. Koma mukafunsa kuti munthu adye zochuluka bwanji, yankho limangokhala lakuti "zokwanira". Ine ndine wa fizikisi, ndipo kwa ife mawu akuti "zokwanira" si muyeso. Tikufuna nambala ndi yuniti yake.

Nambala yoyambira

M'chaka cha 2007, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mogwirizana ndi FAO ndi UNU, linanena kuti munthu wamkulu wathanzi amafunika magalamu 0.83 a mapuloteni patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Masamu ake ndi ophweka:

mapuloteni patsiku = makilogalamu a thupi × 0.83

Munthu wolemera makilogalamu 60 akufunika 60 × 0.83, omwe ndi magalamu pafupifupi 50. Umenewu ndi mlingo woti thupi lizibwezeretsa zomwe limataya tsiku ndi tsiku. Wogwira ntchito yathukuta minofu yake imawonongeka pang'onopang'ono n'kumakonzedwanso, choncho amapindula akawonjezera. Akatswiri a zakudya za anthu amasewero amalangiza magalamu 1.2 mpaka 2.0 pa kilogalamu. Nambala zapamwambazo ndi za ochita masewero olimba, monga onyamula zitsulo. Kwa munthu wamba wotakataka, 1.2 ndi mlingo wabwino wowerengetsera.

Tsiku la wakabaza

Tiyerekeze bambo wa kabaza ya njinga yakapalasa, wolemera makilogalamu 60, amene amanyamula anthu kuchokera ku Mtandire kupita cha ku Area 49 tsiku lonse. Mlingo wake ndi 60 × 1.2, magalamu 72. Tsono tione zomwe amadya. Nambala zazakudya zili m'munsizi ndi zongoyandikira, poti mitanda ya nsima ndi zipande za ndiwo zimasiyana khomo ndi khomo.

M'mawa wamwa tiyi wopanda mkaka ndi mandasi awiri. Apa wapeza magalamu 5 okha. Masana wadya nsima ya ufa woyera ndi kabichi. Ufa woyera uli ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 7 pa magalamu 100 aliwonse, ndiye ngati nsima yake yatenga ufa wa magalamu 150, wapeza 11. Kabichi wawonjezera 2, zonse pamodzi 13. Madzulo wadya nsima yomweyo ndi nyemba zophika magalamu 200, zomwe zili ndi 17, ndipo pamodzi zakwana 28.

Tikaphatikiza 5, 13 ndi 28 tikupeza 46. Bamboyu wadya katatu ndipo wagona wokhuta, koma sanafike ngakhale pa 50 woyambira uja. Onaninso kuti kuposa theka la mapuloteni ake kwabwera usiku, pamene mmawa wonse wapalasa njinga ndi magalamu 5.

Msampha wa zouma ndi zophika

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya masamu. Magalamu 100 a nyemba si magalamu 100 a mapuloteni. Nyemba zouma zili ndi mapuloteni pafupifupi 22 pa 100, koma zikaphikidwa nambalayo imatsika kufika pa 8 kapena 9. Mapuloteniwo sanathawe ayi. Nyemba zamwa madzi n'kulemera kuposa kawiri, ndipo madzi amawonjezera kulemera osawonjezera mapuloteni. Kwa usipa zimatembenuka: ukayanikidwa madzi amachoka, n'chifukwa chake kuposa theka la kulemera kwa usipa wouma ndi mapuloteni. Choncho mukaona nambala pa paketi kapena m'buku, funso loyamba likhale ili: anayeza chouma kapena chophika?

Bwanji osangodya zonse usiku?

Thupi limasunga mafuta, koma lilibe nkhokwe yosungira mapuloteni otsala kuti adzagwire ntchito mawa. Mapuloteni akagayidwa amasanduka tizidutswa totchedwa ma amino asidi. Tizidutswati timalowa m'magazi, ndipo kwa maola angapo minofu imakonzedwa mofulumira. Kafukufuku amasonyeza kuti pa chakudya chimodzi, magalamu 20 mpaka 30 ndi amene amadzutsa bwino ntchito yokonza minofuyi mwa munthu wamkulu. Mukapitirira pamenepo phindu lowonjezera limayamba kuchepa.

Mwina munamvapo anyamata onyamula zitsulo akuti thupi silingalandire oposa magalamu 30 nthawi imodzi. Zimenezo sizoona. Matumbo amayamwa pafupifupi zonse. Kungoti gawo lalikulupo la zotsalazo limawotchedwa kuti lipereke mphamvu, makilojuu 17 pa galamu, ndipo naitrojeni wake amatuluka mu mkodzo. Kuwotcha usipa ngati nkhuni n'kuwononga ndalama, poti mphamvu yomweyo nsima imapereka motchipa. Chachikulu ndi kukwanitsa mlingo wa tsiku lonse. Kugawa kumabwera pachiwiri, koma kumathandiza, makamaka chifukwa magalamu 72 ndi ovuta kuwamaliza m'mbale imodzi.

Kukonza tsiku lija

Tigawe 72 patatu: chakudya chilichonse chikhale cha m'ma 24. Pa kadzutsa, m'malo mwa mandasi, bamboyu adye phala la mgaiwa. Ufa wa magalamu 60 upereka 5. Athiremo nsinjiro masipuni aakulu anayi, pafupifupi magalamu 30, zomwe zipereke 8 poti gawo limodzi mwa magawo anayi a mtedza ndi mapuloteni. Dzira limodzi lowiritsa liwonjezera 6. Kadzutsa wafika pa 19.

Pa nkhomaliro nsima ndi kabichi zikhale momwemo, 13, koma awonjezere nyama ya soya. Ikakhala youma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndiye magalamu 25 apereka 12. Nkhomaliro yafika pa 25. Mgonero usasinthe, ndi 28 uja. Tsiku lina m'malo mwa nyemba atha kudya usipa wouma magalamu 30, womwe upereka pafupifupi chimodzimodzi.

Tsopano 19, 25 ndi 28 zikupereka 72. Sitinagule nyama ya ng'ombe kapena ufa wam'zitini wa onyamula zitsulo. Zonsezi zimapezeka pamsika wa ku Mtandire ndi m'maokala. Onaninso kuti chimanga chokha chapereka 27. Vuto lake n'lakuti chili ndi amino asidi wotchedwa laisini wochepa, pamene nyemba, soya, nsomba ndi mazira zili naye wambiri. N'chifukwa chake ndiwo si zongotsetserekera nsima. Posinja nsinjiro, tayani mtedza wachuku ndi wofota, poti umatha kukhala ndi poizoni wowononga chiwindi.

Malire a masamuwa

Nambalazi ndi za munthu wamkulu wathanzi amene akudya chakudya chopatsa mphamvu chokwanira. Akamagona ndi njala, thupi limawotcha mapuloteni, ngakhale a minofu yake, ndipo masamu onsewa amasokonekera. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafunika owonjezera. Wodwala impso asawonjezere mapuloteni popanda malangizo a kuchipatala. Inunso amene mukukula mumafunika ochulukirapo pang'ono kuposa 0.83 pa kilogalamu.

Kuperewera pang'ono sikuoneka msanga. Kuwonda, kufooka ndi kuchedwa kupola kwa zilonda zitha kukhala zizindikiro, koma matenda enanso amachita zomwezo, ndiye zikapitirira pitani kuchipatala. Mwana akatupa mapazi onse awiri, musadikire n'komwe.

Ntchito ya kunyumba

Mayi wogulitsa tomato amalemera makilogalamu 55 ndipo amayenda ndi dengu pamutu tsiku lonse. Pezani mlingo wake pogwiritsa ntchito 1.2, muugawe patatu. Kenako lembani zomwe kwanu munadya dzulo, muwerengetse chakudya chilichonse pachokha, muone kuti ndi chiti chomwe chatsalira kwambiri.