Tomato wa Dzinja: Ntchito Mwezi ndi Mwezi

Amayi anzathu, tomato amakwera mtengo mumsika wa Limbe nthawi ya mvula, choncho tiwerengere chakumbuyo.

Mu Okutobala tifese panazale yothira manyowa owolerana, tiphimbire ndi udzu, tizithirira m'mawa ndi madzulo. Mu Novembala, pakatha masabata anayi, tiwokere chakumadzulo pamizere yokwera, kusiya masentimita 60 pakati pa mbande.

Disembala ndiye wovuta. Tizike timitengo, timangirire, tichotse mphukira ndi masamba okhudza dothi. Tikaona mawanga akuda pamasamba, chimenecho ndi chiwawu. Chimatha dimba m'masiku ochepa. Tithothole odwalawo, tifunse alangizi za mankhwala tsiku lomwelo.

Kumapeto kwa Januwale tithyole wongoyamba kufiira, poti wopsa kwambiri amaphwanyika m'dengu tisanatsike minibasi.