Muuzeni wa ku saluni za hina, ngakhale ndi wa chaka chatha

Makalata awiri oyamba sanawachedwetse mayi amene amayankha mafunso a za tsitsi pa wailesi. Mtsikana wa ku Ulongwe anafunsa ngati kumeta mpala kumakulitsa tsitsi msanga, ndipo anangomuuza kuti ayi, lumo silifika kumuzu. Bambo wa ku Phalula anadandaula za zipere za mwana wake. "Bambo, zimenezo ndi za kuchipatala, musazipake mafuta a galimoto," anatero, n'kupempha kalata ina.

Yachitatu inachokera ku Ntaja, m'boma la Machinga. Mayi wolembayo anati anapaka hina kumutu pokonzekera nika ya mchemwali wake, ndipo papita miyezi 10. Tsopano akufuna kupita ku saluni ku Liwonde kuti akawongole tsitsi ndi rilakisa, kenako aliyeretseko ndi dayi wofiirira. Funso lake linali lakuti, popeza utoto uja sukuonekanso kwenikweni, n'kofunika kuti awauze a ku saluni? Anawonjeza kuti akuopa kuti akanena amubweza kapena amukwezera mtengo.

Apa mpomwe nthawi yonse ya pulogalamu inathera.

"Mayi anga, muwauze musanakhale ndi pampando pomwe," anayamba motero, ndipo mawu awo ankasonyeza kuti si koyamba kunena zimenezi. Anafotokoza kuti hina weniweni ndi masamba a kamtengo kotchedwa Lawsonia inermis, owumitsa n'kusinja. M'masambamo muli utoto umene umalowa n'kumangirirana ndi keratini, chinthu chimene tsitsi linapangidwa nacho. Sopo ndi dzuwa zimangouzimbaitsa, koma sizimauchotsa. Umachoka pokhapokha tsitsi limene unalowamo litadulidwa.

Kenako anamuwerengera masamu mayi wa ku Ntaja. Tsitsi lathu limakula pang'ono kuchepera sentimita 1 pa mwezi, choncho m'miyezi 10 lamera latsopano la masentimita 8 kapena 9. Ngati mayiyo atalikoka tsitsi lake n'kupeza kuti ndi lotalika masentimita 15, ndiye kuti masentimita 6 kapena 7 a kunsonga akadali ndi hina. Mutu umodzi uli ndi tsitsi la mitundu iwiri, ndipo wa ku saluni akapaka mankhwala ofanana paliponse, la kumuzu limayera msanga pamene la kunsonga limatsalira, n'kusanduka lofiira ngati njerwa yootcha. Rilakisa nayenso amagwira mosiyana, ndipo wopakayo akaona kuti kunsonga sikukuwongoka amawonjezera mphindi. Mphindi zowonjezazo n'zimene zimadula tsitsi.

Koma chimene chimawapweteka mutu mayiwa si hina wa masamba. Ndi timapaketi tolembedwa kuti hina timene timagulitsidwa m'misika, nthawi zina titathiridwa kale m'timapepala ta pulasitiki topanda dzina. Iwo anati hina weniweni amapereka mtundu umodzi wokha, wofiira wopita ku olenji, ndipo amafuna maola angapo kuti agwire. Ngati ufa unadetsa tsitsi kuti bii m'mphindi 20 kapena 30, munali zina. Mwina munali PPD, mankhwala amene amapezekanso m'madayi akuda ambiri. Mwina munali mchere wa zitsulo monga mtovu, siliva kapena kopa, umene opanga ena amasakanizamo kuti utoto ude. Mwinanso munali indigo, masamba ena opereka utoto wa buluu, amene amasiya tsitsi lobiriwira likakumana ndi bulichi.

Mchere wa zitsulo ndiwo woopsa pa tsitsi lenilenilo. Dayi wa ku saluni amasakanizidwa ndi perokisaidi, ndipo perokisaidi akakumana ndi kopa amayamba kuwira. Mayiwa anakumbukira kasitomala wina amene anabwera ku saluni kwawo ku Balaka zaka zapitazo. Anamufunsa ngati anapakapo kanthu, iye anati ayi, poti hina sankamuwerengera ngati mankhwala. Mwamwayi mtsikana wogwira ntchito anayamba wayesa pa kachingwe kamodzi ka kumbuyo. Pasanathe mphindi zambiri pepala limene anakutira tsitsilo linatentha, fungo loipa linatuluka, ndipo atalikoka linangothetheka m'manja. "Ukanakhala mutu wonse, akanapita kwawo atavala duku mpaka Khirisimasi," anatero, wowulutsa mawu n'kuseka.

Nkhani ya PPD anaitenga mosaseka. Munthu amene anajambulitsapo maluwa akuda m'manja kapena kumapazi, monga ambiri amachitira pa Idi ndi pa maukwati, n'kutuluka matuza kapena kuyabwa pamene panadutsa utoto, thupi lake limakhala litadana nawo mankhwalawa, ndipo kudanako sikumatha. Tsiku limene adzapake dayi wakuda kumutu, nkhope ndi zikope zikhoza kutupa, ndipo zikatero n'kuthamangira kuchipatala, osati kudikira kuti ziphwe. Choncho, anati, nkhani youza wa ku saluni si ya kumutu kokha ayi, ndi ya m'manja yomwe.

Wowulutsa mawu anafunsa kuti nanga mayi wa ku Ntaja akanene zotani akafika. Yankho linali lakuti anene mwezi umene anapaka, kangati, ndiponso mtundu umene tsitsi linatuluka nawo. Ngati paketi ikadalipo kwa mchemwali uja, aitenge. Kenako apemphe yekha kuti ayambe ayesa. Wa ku saluni adule katsitsi kochepa kumbuyo kwa mutu, kapena atole kamene katsalira m'chipeso, koma kakhale kofika kunsonga kumene kuli hina. Akapake mankhwala omwewo amene akufuna kugwiritsa ntchito, kwa nthawi yomweyo yolembedwa pa paketi. Kakatentha, kakanunkha, kakabiriwira kapena kakaduka pokakoka, ntchito ithere pomwepo. Pa dayi palinso kuyesa pakhungu: kadontho kuseri kwa khutu, n'kudikira maola 48. Izi zikutanthauza maulendo awiri a ku Liwonde, ndipo mayiwa anavomereza kuti thiransipoti ya ku Ntaja si yaulere, koma sanasinthe maganizo.

Anamuletsanso kuchita zonse ziwiri tsiku limodzi. Rilakisa ndi dayi woyeretsa aliyense payekha amafooketsa tsitsi, ndipo pafunika kudutsa milungu iwiri kapena kuposerapo pakati pawo, ngakhale kwa munthu amene sanagwirepo hina.

Atafika apa anawatembenukira anzawo a m'masaluni, ndipo anawadzudzula kwa nthawi ndithu. Anati ambiri amafunsa kuti "munapakapo mankhwala?" n'kukhutira ndi yankho lakuti ayi, pamene akudziwa bwino kuti kuno ku Machinga ndi Balaka hina amapezeka m'nyumba zambiri, ndipo amayi amamuona ngati masamba chabe. Funso limafunika kumutchula dzina: munapakapo hina, wofiira kapena wakuda, kumutu kapena m'manja? Ena, anati, amaliona ndithu tsitsi likunyezimira mofiira kunsonga akaliyang'ana padzuwa, koma amakhala chete poopa kuti kasitomala apita pa saluni yoyandikana nayo. Kwa iwo wa ku saluni amene wakubwezani lero chifukwa cha hina ndiye woyenera kubwererako, ndipo mantha a mayi wa ku Ntaja akuti amubweza ndi oyenera kuwatembenuza.

Nthawi itatsala pang'ono anamupatsa njira ina ngati kuyesako kutakanika: aluke tsitsi kapena aike meshi, azidula nsonga pang'onopang'ono miyezi iwiri iliyonse, ndipo ikamakwana miyezi 6 kapena 8 masentimita a hina aja adzakhala atatha. Kalata ya mnyamata wa ku Nsanama yofunsa za ndevu anati adzaiyankha sabata yamawa.